Mtengo wa kampani uli m'ndalama zotsala ikadya

Aliyense amene anakhalapo ndi minibasi amadziwa kuti ndalama zimene dalaivala amabweretsa madzulo si zake zonse. Mwezi woyamba ndi wachiwiri mwini amaona ngati walemera. Mwezi wachitatu matayala atha, wachinayi inshulansi yakwana, ndipo chaka chisanathe injini iyamba kufuka utsi. Amene ankadya zonse zobwera madzulo amaimika galimoto pamiyala. Amene ankapatula za matayala ndi injini ndiye amadziwa zimene minibasi imam'patsadi, ndipo munthu akabwera kudzaigula, ndi yekhayo angatchule mtengo wokhala ndi mutu.

Akatswiri oyesa mtengo wa makampani amachita zomwezo, kungoti pa ndalama zambiri. Safunsa kuti nyumba ndi makina anagulidwa zingati, kapena kuti phindu lolembedwa m'mabuku ndi lotani. Amafunsa kuti: kampaniyi ikalipira antchito, ikakhoma msonkho, ikakonzetsa makina ndi kugula katundu woti igwirire ntchito mawa, zimatsala zingati zoti eni ake ndi oikongoza angatenge kampaniyo osafooka? Zotsalazo m'mabuku a zachuma amazilemba ndi zilembo FCF, ife tizingoti ndalama zotsala. Ganizo loti mtengo wa chinthu ndi ndalama zonse zimene chidzabweretse, zitabwezeredwa ku mtengo wa lero, analifotokoza bwino John Burr Williams wa ku America m'buku lake la 1938, ndipo mpaka pano ndilo maziko a ntchitoyi.

Tiyeni titenge kampani yongoyerekeza, yoyenga mafuta ophikira kuchokera ku mpendadzuwa, ndipo tiitsatire mpaka tipeze mtengo wake. Manambala onse ndi ongopeka kuti tione kawerengedwe, ndipo ali m'mamiliyoni a kwacha pa mitengo ya lero.

Chaka chamawa kampaniyi ikuyembekeza kugulitsa mafuta a K2,000 miliyoni. Ikachotsa mbewu, magetsi, dizilo wa jenereta, malipiro, mabotolo ndi kutha kwa makina, phindu la ntchito yake ndi K400 miliyoni. Chiwongoladzanja cha ngongole sitichotsa pano, chifukwa tikufuna kudziwa zimene ntchito yoyenga mafuta ikubala tisanayambe kugawa kuti izi n'za banki, izi n'za eni. Msonkho wa makampani ambiri ku Malawi ndi 30 peresenti, choncho K120 miliyoni yapita ku MRA, kwatsala K280 miliyoni. Ambiri amaimira pomwepa n'kunena kuti kampani ikupanga 280. Koma 280 imeneyi simungaipeze mu akaunti ya kubanki.

Choyamba, m'mabuku akauntanti anachotsa K60 miliyoni ya kutha kwa makina. Imeneyi si ndalama yotuluka chaka chino. Makinawo analipiridwa kale, ndipo akauntanti amangogawa mtengo wake pa zaka zimene adzagwire ntchito. Ndiye 60 timaibwezera. M'malo mwake timachotsa ndalama zenizeni zimene zidzatuluke pogula makina: kusintha chofinyira chimene chatopa, kuwonjezera thanki, kugula lole. Tinene kuti ndi K130 miliyoni. Pomaliza pali ndalama zomangika. Mpendadzuwa umagulidwa nthawi yokolola, miyezi yochepa chabe, n'kuunjikidwa m'nyumba yosungira kuti ufinyidwe chaka chonse. Magolosale akuluakulu amatenga mafuta lero n'kulipira patatha mwezi kapena iwiri. Kampani ikamakula, matumba osungidwa amachuluka, ngongole za makasitomala nazo zimachuluka, ndipo ndalama zowonjezerazo zimagona m'matumba ndi m'mainivoisi. Tinene kuti chaka chamawa ziwonjezeka ndi K60 miliyoni. Choncho 280, kuphatikiza 60, kuchotsa 130, kuchotsanso 60, zitsala K150 miliyoni. Phindu ndi 280, koma zoti munthu angatenge ndi 150 basi. Zina 130 kampani yadya kuti ikule.

Kusiyana kumeneku ndiko kumalekanitsa bizinesi yabwino ndi yongooneka bwino. Mu 1972 Warren Buffett ndi mnzake Charlie Munger, kudzera ku kampani ya Blue Chip Stamps, anagula See's Candies, kampani ya maswiti ndi chokoleti ya ku California, pa madola 25 miliyoni. M'kalata yake ya chaka cha 2007 kwa eni masheya a Berkshire Hathaway, Buffett anafotokoza kuti pa zaka zonsezo See's inapanga phindu la madola 1.35 biliyoni msonkho usanachotsedwe, koma ndalama zimene zinafunika kubwezeredwa m'kampaniyo kuti ikule zinali madola 32 miliyoni okha. Makasitomala a maswiti amalipira pompopompo ndipo katundu sakhalitsa pashelefu, ndiye ndalama sizimangika. Kampani yathu ya mafuta si yotero. Pafupifupi theka la phindu lake limabwerera m'makina ndi m'matumba, ndipo wogula ayenera kudziwa zimenezi asanatchule mtengo.

Kuno kwathu pali msampha wina pa makina. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Makina a madola 100,000 amene analowa m'mabuku pa K118 miliyoni tsiku lotsatira anafunika K170 miliyoni kuti mugule ena onga iwo. Mabuku amapitiriza kuchotsa kutha kwa makina pa mtengo wakale uja, phindu n'kumaoneka lonenepa. N'chifukwa chake woyesa mtengo wanzeru sakhutira ndi mabuku okha. Amalowa m'fakitale, n'kufunsa makaniko kuti chofinyirachi chatsala ndi zaka zingati, ndipo chatsopano chikugulidwa madola angati.

Tsopano tiyang'ane zaka zisanu. Kampani yathu ikuwonjezera makina zaka zitatu zoyamba, kenako kukula kukuchepa ndipo ndalama zobwezera m'ntchito zikutsika. Phindu litachotsedwa msonkho likukwera kuchoka pa 280 kufika pa 350 m'chaka chachisanu, ndipo ndalama zotsala zikuyenda chonchi: 150, 170, 190, 260, 280. Tikangoziphatikiza tipeza 1,050, koma kutero n'kulakwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. K280 miliyoni yodzabwera patatha zaka zisanu ingathe kubwera, ingathenso kuuluka ndi chilala kapena kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo podikira mwataya mwayi woika ndalama zanu kwina. Ndiye ndalama ya chaka chilichonse timaichepetsa ndi peresenti imene oika ndalama amafuna pachaka kuti alolere kudikira ndi kuika mtima m'mwamba.

Peresenti imeneyi imachokera kwa anthu awiri amene ndalama zawo zili m'kampani. Banki imakongoza, imalipidwa poyamba, ndiye imafuna zochepa. Eni masheya amadya zotsala, ndipo zinthu zikavuta ndiwo amayamba kulira, ndiye amafuna zambiri. Tinene kuti magawo anayi mwa asanu a mpamba wa kampani yathu ndi a eni, amene akufuna 17 peresenti pamwamba pa kukwera kwa mitengo, ndipo gawo limodzi ndi ngongole ya 10 peresenti. Popeza chiwongoladzanja chimachepetsa msonkho, ngongoleyo imalemera 7 peresenti yokha. Magawo anayi a 17 ndi limodzi la 7, mukawasakaniza, apereka 15 peresenti. Imeneyi ndiyo mudzaione italembedwa WACC.

Wina adzadabwa kuti 15 peresenti yachokera kuti pamene mu 2024 mabanki kuno ankakongoza pa chiwongoladzanja choposa 25 peresenti. Yankho lili m'mawu aja akuti pa mitengo ya lero. Manambala athu onse sitinawakweze ndi kukwera kwa mitengo, choncho peresenti yathu nayonso ilibe kukwera kwa mitengo m'kati mwake. Ngati mitengo ikukwera ndi 25 peresenti pachaka ndipo mwasankha kulemba ndalama za m'tsogolo monga zidzaonekere pa risiti, peresenti yochepetsera iyenera kukhala 1.15 kuchulukitsa ndi 1.25, kutanthauza pafupifupi 44 peresenti. Njira zonse ziwiri n'zololeka. Choletsedwa n'kusakaniza. Wogulitsa wochenjera amakweza ndalama za m'tsogolo ndi kukwera kwa mitengo koma n'kuchepetsa ndi 15. Wogula wochenjera amasiya ndalama pa mitengo ya lero n'kuchepetsa ndi 44. Mukapatsidwa pepala la mtengo wa kampani, funso loyamba likhale limeneli.

Kuchepetsako n'kosavuta. Ya chaka choyamba timagawa ndi 1.15, ndipo 150 isanduka 130. Ya chaka chachiwiri timagawa ndi 1.15 kawiri, n'kumapita choncho, mpaka ya chaka chachisanu imene timagawa ndi pafupifupi 2.01, ndipo 280 isanduka 139. Pa Excel ndi mzere umodzi:

```
=NPV(0.15,150,170,190,260,280)
```

Yankho ndi K672 miliyoni. Umenewu ndi mtengo wa lero wa zaka zisanu zoyamba.

Koma fakitale sidzatsekedwa pa 31 Disembala wa chaka chachisanu. Anthu adzakhala akukazingabe mandasi ndi chipisi m'chaka chachisanu ndi chimodzi, chakhumi, chamakumi awiri. Palibe amene angalembe moona mtima zogulitsa za chaka chilichonse mpaka kumeneko, ndiye zaka zonse zotsalazo timazimanga mtolo umodzi n'kuupatsa mtengo umodzi. Ndiwo mtengo wakumapeto, umene amaulemba TV. Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa pamene pali ndalama zambiri ndi pomwenso anthu amanamizana kwambiri, nthawi zina osadziwa n'komwe kuti akunama.

Njira yodziwika imatchedwa ndi dzina la Myron Gordon, amene anailemba ndi Eli Shapiro mu 1956. Imati: ngati ndalama zotsala zidzakula ndi peresenti imodzimodzi chaka ndi chaka mpaka kalekale, mtengo wa mtolo wonse ndi ndalama za chaka chotsatira, kugawa ndi kusiyana kwa peresenti yochepetsera ndi peresenti ya kukula.

```
TV = FCF5 × (1 + g) / (r − g)
```

Apa r ndi 15 peresenti yathu ija, g ndi kukula. Tiike kukula pa 3 peresenti. Ndalama za chaka chachisanu ndi chimodzi zikhala 280 kuchulukitsa ndi 1.03, ndiye 288.4. Kusiyana kwa 15 ndi 3 ndi 12 peresenti. Tikagawa 288.4 ndi 0.12 tipeza K2,403 miliyoni. Samalani apa: 2,403 ndi mtengo wa mtolowo tsiku limene chaka chachisanu chikutha, osati lero. Uyenera kugawidwanso ndi 2.01 ija, n'kukhala K1,195 miliyoni. Kuiwala sitepe imeneyi ndi cholakwa chofala kwa ongoyamba, ndipo kumakweza mtengo wa kampani ndi ndalama zoposa biliyoni imodzi pa chitsanzo chathu chokhachi.

Tikaphatikiza 672 ndi 1,195, ntchito yonse ya kampani ili pa K1,867 miliyoni. Onani bwino magawowo. Zaka zisanu zimene tinakhalira pansi, kufunsa makaniko, kuwerenga matumba, zapereka 36 peresenti yokha. Zina 64 zachokera mu mzere umodzi wokhala ndi manambala awiri ongoganizira. Si kuti tawerenga molakwa; kampani yokhalitsa imakhala choncho, ndipo kwa kampani yongoyamba imene zaka zoyamba ikungodya ndalama, mtengo wakumapeto ungakhale mtengo wonse. Chimene zikutiuza n'chakuti manambala awiriwo afunika kufunsidwa mafunso ambiri kuposa ena onse.

Yambani ndi kukula. Tiyerekeze kuti mwini kampani, amene anaimanga ndi thukuta lake ndipo amaikonda, akuti 3 peresenti n'kumunyoza, ikani 6. Pa pepala ndi kusintha nambala imodzi. Pamwamba pakhala 296.8, pansi pakhala 0.09, ndipo mtengo wakumapeto ulumpha kufika K3,298 miliyoni. Mtengo wa kampani yonse ukwera kuchoka pa 1,867 kufika pa 2,311. K444 miliyoni yabadwa popanda thumba limodzi la mpendadzuwa kufinyidwa.

Pali zifukwa ziwiri zokanira. Choyamba n'chakuti mawu akuti mpaka kalekale ndi olemera. Kampani yokula mofulumira kuposa chuma cha dziko kosalekeza, tsiku lina idzakula kuposa dzikolo, zomwe sizingatheke. Chinthu chokula ndi 6 peresenti chimawirikiza kawiri zaka 12 zilizonse. Chuma cha Malawi m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 sichinafike ngakhale 3 peresenti pachaka. Choncho kukula kwa kumapeto kusapose kukula kumene chuma chonse chingakwanitse kwa nthawi yaitali, ndipo kukhala pansi pake n'kwabwino koposa.

Chifukwa chachiwiri ndi chimene ambiri amachiphonya, ndipo kwa ine ndicho mtima wa nkhani yonse. Kukula sikubwera kwaulere. Mwini uja wasintha 3 kukhala 6 koma wasiya 280 ili chomwecho, ngati kuti mafuta owonjezera adzatuluka m'makina omwewo ndi m'matumba omwewo. Tiyeni tione pamene 280 inachokera. Phindu la chaka chachisanu linali 350, ndipo 70, gawo limodzi mwa asanu, inabwezeredwa m'ntchito. Gawo limenelo silinangogwa kuchokera kumwamba. Ngati K100 iliyonse yatsopano yoikidwa m'makina ndi mbewu imabala K15 pachaka, ndiye kuti phindu likule ndi 3 peresenti muyenera kubwezera 3 kugawa ndi 15, kutanthauza 20 peresenti ya phindu. Kuti likule ndi 6, muyenera kubwezera 40 peresenti. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amakonda kulemba mtengo wakumapeto motere, pamene NOPAT6 ndi phindu la chaka chotsatira litachotsedwa msonkho ndipo RONIC ndi zimene ndalama zatsopano zimabala:

```
TV = NOPAT6 × (1 − g / RONIC) / (r − g)
```

Tiwerengenso ndi 6 ya mwini uja, koma moona. Phindu la chaka chachisanu ndi chimodzi ndi 371. Tikachotsa 40 peresenti, zotsala ndi 222.6. Kugawa ndi 0.09 kupereka K2,473 miliyoni, osati 3,298. Kukula kwawirikiza, koma mtengo wangosuntha pang'ono kuchoka pa 2,403. Chifukwa chake n'choonekeratu mukachiganizira: ngati oika ndalama akufuna 15 peresenti ndipo ndalama zatsopano zikubala 15 yomweyo, kukula sikukuwonjezera kanthu, kukungobweza zimene kwatenga. Ndalama zatsopano zikamabala 25 peresenti, monga zingakhalire ndi kampani imene dzina lake anthu amalifuna m'sitolo ngakhale mtengo utakwera, kukula kwa 6 kukweza mtolowo kufika pa 3,133. Koma zikamabala 10 yokha, chifukwa oyenga mafuta achuluka ndipo ena akulowa kuchokera kunja motchipa, kukula komweko kutsitsa mtengo kufika pa 1,649. Kampani yotero ikamakula, eni ake akusauka. Ndiye mwini akanena za kukula, muyankheni ndi funso lakuti, bwana, makina omaliza amene munawonjezera anawononga zingati, ndipo phindu linakwera ndi zingati?

Peresenti yochepetsera nayo imagwedeza mtolowo mwamphamvu. Pa 13 mtengo wakumapeto ukhala 2,884, pa 17 ukhala 2,060. Palibe munthu angalumbire kuti nambala yoona ndi 15 osati 14 kapena 16, ndiye woyesa mtengo woona mtima amapereka malire, kuti kampaniyi ili pakati pa apa ndi apa, n'kuonetsa chimene chikusuntha malirewo.

Chinthu china choyang'ana ndi chaka chomalizacho. Chilichonse chimene chili m'chaka chachisanu chimabwerezedwa mpaka kalekale, choncho chiyenera kukhala chaka wamba. Ngati ndi chaka cha mvula yabwino pamene mbewu inatchipa, mwalonjeza wogula mvula yabwino kosatha. Chizindikiro chachikulu cha chinyengo, kapena cha kusasamala, n'kuona kuti m'chaka chomaliza ndalama zogulira makina n'zochepa kuposa kutha kwa makina. Kampani yotero ikudya makina ake, ngati mwini minibasi uja wosagula matayala, ndipo singakule ngakhale ndi 1 peresenti.

Pali njira yachiwiri yopezera mtengo wakumapeto, imene ogula ndi ogulitsa makampani amaikonda chifukwa ndi yachidule. Amati m'chaka chachisanu kampani idzagulitsidwa pa mtengo wofanana ndi wa zinzake, mwachitsanzo kasanu ndi kamodzi phindu la ntchito musanachotse chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha kwa makina, limene amalilemba EBITDA. Ku kampani yathu tinene kuti phindu limenelo ndi 580. Kuchulukitsa ndi 6 kupereka 3,480. Vuto lake kuno n'loti zinzakezo n'zosowa. Pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre makampani safika makumi awiri, ndipo angapo mwa iwo ndi mabanki, amene kawerengedwe ka ndalama zotsala tafotokoza pano sikawayenera, popeza kwa banki ngongole ndiyo katundu wogulitsa. Ndiye anthu amabwereka nambala ya ku Johannesburg kapena ku London, kumene ndalama n'zotchipa ndipo chiopsezo n'chochepa. Njira yoiyesera n'kuitembenuza: kodi 3,480 ikufuna kukula kotani kuti itheke? Mukaibwezera m'njira ya Gordon, yankho ndi pafupifupi 6.4 peresenti chaka chilichonse mpaka kalekale. Tabwerera kwa mwini uja, kungoti walowera khomo lina. Mtengo wathu wa 2,403 ndi pafupifupi kanayi phindu lomwelo, ndipo ngati makampani ofanana ndi yathu akugulitsidwadi pa 6 pomwe pano, ndiye ifenso tibwerere tikaone pamene taumira.

Chatsala n'kugawa. K1,867 miliyoni ndi mtengo wa ntchito yonse, ya eni ndi ya oikongoza pamodzi. Ngati kampani ili ndi ngongole ya K400 miliyoni kubanki, ndipo mu akaunti muli K50 miliyoni yosafunika pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, za eni masheya ndi 1,867 kuchotsa 400 kuphatikiza 50, ndiye K1,517 miliyoni. Ndalama zosungidwira kugula mpendadzuwa wa mwezi wamawa musaziwerengere ngati zapadera, ndipo ku mbali ya ngongole musaiwale msonkho wakale umene sunalipidwe kapena ndalama za penshoni za antchito zimene sizinaperekedwe. Ngati masheya alipo 100 miliyoni, imodzi ili pa K15.17. Banki imalandira 400 yake kaya kukula ndi 3 kaya ndi 6, choncho K444 miliyoni ya mwini uja yonse imagwera pa masheya, n'kukweza imodzi kufika pa K19.61. Wogula akavomera nambala imeneyo walipira K4.44 yowonjezera pa sheya iliyonse, kulipirira mafuta amene makina ake owafinyira palibe amene wawaika mu bajeti.